Vidiyo yopanda mawu m'minibasi: makapushoni a Chichewa timawalemba bwanji kuti munthu amve ndi maso

Sabata yatha pa gulupu ya WhatsApp ya alimi ena kuno ku Kasungu panabuka kamkangano ndithu, nkhani yake inali ya kavidiyo ka masekondi 45 kamene amayi apampando a kopaletivi ina anajambulitsa kulengeza za kulandira soya. Tsiku litakwana bambo ena anafika ndi matumba a soya wosauma, anabwezedwa, ndiye anakwiya kuti palibe anawauza, pomwe amayi aja ananena momveka bwino muvidiyomo kuti wonyowa sadzalandira. Titafunsitsa zinapezeka kuti bambowo anaonera ali m'minibasi pochokera ku Lilongwe, voliyumu atatsitsa mpaka pansi, ndipo anangowerenga timawu tomwe tinkadutsa pa sikirini. Pamene panalembedwa "sitidzalandira" iwo anaona "tidzalandira". Basi nkhani yonse inagona pa zilembo ziwiri.

Ine ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo pa boma pompano, yamaukwati, yamatchalitchi, yamakopaletivi, ndiye zinandikhudza chifukwa amene analemba timawuto sanali waulesi ayi, analemba chilichonse chomwe amayi ananena osasiya ngakhale chimodzi, ndipo vuto linayambira pomwepo. Ndiye ndati ndifotokoze mmene zimayendera.

Kodi makapushoni ndi chiyani kwenikweni

Makapushoni ndi mawu olembedwa pa sikirini omwe amaonetsa zomwe zikumveka muvidiyo pa nthawi yomwe zikumvekayo, zolankhula, amene akulankhula, ngakhalenso phokoso ngati lili ndi tanthauzo. Amasiyana pang'ono ndi mawu omasulira aja timaona m'mafilimu achilankhulo china, chifukwa omasulira amaganiza kuti makutu anu akugwira ntchito kungoti chilankhulo simukuchidziwa, pomwe makapushoni amaganiza kuti simukumva kanthu ndi pang'ono pomwe. Poyamba anapangira anthu osamva, BBC ku Britain inayamba kuika otha kuyatsa ndi kuzimitsa pa TV mu 1979 ndipo ku America anayamba mu 1980. Lero munthu amene ali m'minibasi mahedifoni anaiwala kunyumba, kapena kalaliki amene ali pa desiki bwana ali pafupi, kwa mphindi imeneyo ali ngati munthu wosamva, ndiye malamulo omwe anapangira osamva ndi omwewo amamuthandiza iyeyu.

Alipo amitundu iwiri. Ena ndi omatirira, amakhala mbali ya chithunzi chenicheni ngati penti pakhoma, sungawazimitse. Ena amakhala mu kafayilo kapadera komwe umatumiza limodzi ndi vidiyo ku YouTube kapena Facebook, ndipo woonera amayatsa kapena kuzimitsa ndi batani la CC. Kwa ife kuno mavidiyo ambiri amayenda pa WhatsApp, munthu kutumizira mnzake, mnzake kuika pa sitetasi, ndipo kumeneko kafayilo kapadera sikatsatira, vidiyo imapita yokha. Choncho ngati mukudziwa kuti idzayenda pa WhatsApp matirirani basi.

Tiwerenge zilembo, osati mawu

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya ndiye ndichedwapo. Maso a munthu ali ndi liwiro lake powerenga, ndipo kapushoni ikachoka iye asanamalize palibe kubwerera ngati m'buku, yapita yapita. Akatswiri anayeza zimenezi nkuika malire. BBC imalangiza mawu pakati pa 160 ndi 180 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pafupifupi mawu atatu pa sekondi. Netflix pa Chingerezi imalola zilembo zosapitirira 20 pa sekondi kwa akuluakulu ndi 17 kwa ana, mzere umodzi usapitirire zilembo 42, mizere isapitirire iwiri, ndipo kapushoni isakhale pa sikirini kupitirira masekondi 7.

Tsono muyeso wa mawu atatu pa sekondi uja ndi wa Chingerezi, komwe timawu tambiri ndi tatifupitifupi. Chichewa chathu chimalongeza zonse m'thumba limodzi. Taonani liwu loti "sitidzakulandirani", muli kukana, muli ife, muli nthawi yamtsogolo, muli inu, muli ntchito yeniyeniyo, zilembo 18 koma ndi liwu limodzi. Mukati mawu atatu pa sekondi nkutenga atatu otere mwamupatsa munthu zilembo zoposa 50 kuti ameze pa sekondi imodzi, sizitheka. Ndiye pa Chichewa iwalani kuwerenga mawu, werengani zilembo pamodzi ndi mipata yomwe, kenako gawani ndi masekondi omwe kapushoniyo ikhale pa sikirini.

Nanga malire akhale angati? Ine ndimayesetsa osapitirira zilembo 15 pa sekondi ndipo pa mfundo yofunika ndimatsika kufika 10 kapena 12. Ili si lamulo la bungwe lililonse, ndi mmene ndaonera ineyo. Ziwerengero za Netflix zija anaikira munthu amene wakhala pa sofa TV ili phee patsogolo pake, pomwe wathuyu wapanikizika mpando wakumbuyo pakati pa Madisi ndi Mponela, foni ikugwedezeka, dzuwa likuwomba pagalasi, kondakita akufunsa chenji, ndipo ambiri aife timawerenga Chichewa pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene timachilankhulira chifukwa kusukulu zowerenga zambiri zinali za Chingerezi.

Tiyese ndi mawu a amayi apampando aja

Chiganizo chawo choyamba chinali chotere: "Eee, zikomo kwambiri alimi anzanga nonse, ndimati ndikudziwitseni kuti, eee, Lachinayi likubwerali, pa 14, tidzayamba kulandira soya ku shedi ya kopaletivi kuyambira 7 koloko m'mawa." Amayiwa amalankhula mothamanga, anachimaliza m'masekondi 10. Mukawerenga zilembo ndi mipata zikukwana 182, kugawa ndi 10 ndi zilembo 18 pa sekondi, kwa munthu wa m'basi zachuluka. Pa muyeso wanga wa 15, masekondi 10 amandipatsa malo a zilembo 150 basi, ndiye zina zichoke.

Zoyamba kuchoka ndi ma "eee" awiri aja, amathandiza wolankhula kupuma koma wowerenga samuuza kanthu. Kenako "ndimati ndikudziwitseni kuti", awa ndi mawu aulemu otsegulira nkhani, pakamwa amakoma koma palibe tsiku kapena malo m'menemo. "Likubwerali" nalonso lachoka chifukwa deti yanenedwa kale. Moni uja ndinausiya mwachidule, kwathu kuno munthu wamkulu sangoyamba nkhani osapereka moni ndipo kumuchotsera moni wonse nkumusandutsa munthu wina. Zotsala ndinazigawa patatu, ndipo mu fayilo ya SRT, yomwe ndi fayilo wamba ya mawu yoti mutha kulemba ngakhale mu Notepad, zimaoneka chonchi:

```
1
00:00:00,500 --> 00:00:03,000
Zikomo alimi anzanga nonse.

2
00:00:03,100 --> 00:00:07,000
Lachinayi pa 14
tidzayamba kulandira soya

3
00:00:07,100 --> 00:00:10,500
ku shedi ya kopaletivi,
kuyambira 7 koloko m'mawa.
```

Kapushoni iliyonse ili ndi nambala yake, kenako nthawi yoyambira ndi yothera (maola, mphindi, masekondi, ndipo pambuyo pa chizindikiro cha koma ndi tizigawo ta sekondi, 500 ndiye theka), kenako mawu, kenako mzere wopanda kanthu. Chizindikiro chimenechi chikhale koma ndithu osati kadontho, ndipo mzere wopanda kanthu uja mukauiwala makapushoni awiri amaphatikizana.

Tsopano masamu. Yoyamba ili ndi zilembo 27 pa masekondi awiri ndi theka, pafupifupi 11 pa sekondi. Yachiwiri 40 pa masekondi pafupifupi anayi, ndiye 10 pa sekondi, ndinaipatsa mpata dala chifukwa muli tsiku. Yachitatu 49 pa masekondi atatu ndi kanthu, pafupifupi 14. Zonse pamodzi 116 kuchoka pa 182 ndipo palibe mfundo yatayika, tsiku lilipo, malo alipo, nthawi ilipo. Onaninso kuti pakati pa kapushoni ndi inzake ndasiya kampata ka gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kuphethira kumeneko ndi komwe kumauza diso kuti mawu asintha, popanda iko munthu amatha osazindikira kuti abwera ena makamaka ngati kutalika kwa mizere kukufanana.

Pali anthu osamva ambiri amene safuna kuchotseredwa mawu, amati tipatseni zonse mmene zanenedwera tisankhe tokha, ndipo mfundo yawo ndi yomveka chifukwa wolemba akayamba kudula amathanso kudula zomwe iye sakuzikonda. Ena amati bola zochepa zowerengeka kusiyana ndi zonse zothamanga. Mkanganowu ulipo pakati pa akatswiri omwe. Pomwe mbali zonse zimakumana ndi apa, ngati wolankhula akuyenda pang'onopang'ono ndipo malo alipo lembani zonse, kudula kuzibwera pokhapokha masamu akakana.

Ka "si" ndi ka "sa" komwe kamabisala

Tibwerere kwa bambo a soya wonyowa. M'Chichewa kukana nthawi zambiri sikuima pakokha, kumalowa m'kati mwa liwu. Tidzalandira ndi sitidzalandira, mubweretse ndi musabweretse, wouma ndi wosauma, amwe ndi asamwe. Munthu akamalankhula khutu limagwira kusiyanako mosavuta chifukwa mawu amakwera ndi kutsika, nkhope nayo imathandiza, mutu umapukusidwa. Koma diso lothamanga siliwerenga chilembo chilichonse, limangoona maonekedwe a liwu nkulota lotsalalo, ndipo mawu awiri aatali osiyana zilembo ziwiri zokha amaoneka ngati mapasa. Muvidiyo ija chiganizo chokana chinali kumapeto kwa kapushoni ya mizere itatu yodzaza yomwe inakhala masekondi atatu okha, bambo aja anafika pa liwulo ikuchoka kale.

Chomwe ndimachita ine, chiganizo chilichonse chokana kapena choletsa chimakhala ndi kapushoni yakeyake, chopanda china chilichonse pambali:

```
7
00:00:21,000 --> 00:00:24,200
Soya wonyowa SITIDZALANDIRA.
```

Zilembo 28 pa masekondi atatu ndi kanthu, sizikufika ndi 9 pomwe pa sekondi, munthu atha kuwerenga kawiri. Zilembo zazikulu ndimazisungira malo ngati amenewa okha, mukalemba vidiyo yonse ndi zazikulu ndiye kuti palibe chomwe chaonekera komanso zimachedwetsa kuwerenga. Ndipo ngati ndilipo pojambula ndimawapempha olankhula kuti, mayi, apa munene ndi "ayi" yemwe, "soya wonyowa ayi, sitidzalandira", kuti kukanako kukhale ndi liwu lakelake looneka. Koma ngati sananene "ayi" sindimuwonjezera ndekha, kudula "eee" ndi kwina, kuika mawu m'kamwa mwa munthu ndi kwinanso. Taganizani ikanakhala vidiyo ya azaumoyo yonena kuti amayi oyembekezera asamwe mankhwala enaake, ka "sa" kameneko ndi moyo wa munthu.

Nchifukwa chakenso kalembedwe kaja katchuka pa TikTok, koti liwu limodzi limodzi likudumpha pakati pa sikirini, sindikakonda pa uthenga wofunika. Pa nthabwala kalibe vuto. Koma liwu la zilembo 14 likangokhala theka la sekondi ndiye zilembo 28 pa sekondi, ndipo munthu akaphethira kapena basi ikagwa m'dzenje liwulo lapita, chiganizo chonse sichioneka pamodzi kuti adzikonze yekha.

Poduka mzere, ndi pomwe mawu akhale

Mzere uziduka pomwe munthu angapumire polankhula. Musasiye "ya", "wa", "ku", "pa", "ndi" ali lende kumapeto kwa mzere mnzake ali pansi, "ku shedi ya" pamwamba "kopaletivi" pansi zimapunthwitsa. Nambala isasiyane ndi chomwe ikuwerenga, 7 ndi koloko akhale limodzi, matumba ndi 20 akhale limodzi. Liwu lalitali osalidula pakati, bola mzere wina ukhale waufupi.

Zilembo 42 pa mzere zija ndi za vidiyo yogona ngati ya pa TV. Yoimirira, ya 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, ndi yopapatiza, ndiye mukafuna zilembo zooneka bwino pa foni yaing'ono mzere umakwana zilembo 25 kapena 28 basi, mawu awiri kapena atatu a Chichewa. Ambiri akaona kuti sizikukwana amachepetsa fonti, osatero, onjezani chiwerengero cha makapushoni. Fonti ikhale yonenepa yopanda zokongoletsa, yoyera yokhala ndi mkombero wakuda kapena kabokosi kakuda kumbuyo, chifukwa mawu oyera pa malaya oyera a abusa kapena pa thumba loyera la feteleza amasoweratu, ndipo WhatsApp imafinya vidiyo potumiza, tizilembo topyapyala timasungunuka.

Pansi penipeni pa sikirini si panu. Pa sitetasi ya WhatsApp pali malo oyankhira, pa TikTok ndi pa Reels pali dzina la mwini vidiyo ndi mawu ake pansi, mabatani kudzanja lamanja. Ine ndimasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kuchokera pansi lopanda kanthu, mawu nkukhala pamwamba pake cha pachifuwa cha wolankhula, osaphimba pakamwa chifukwa pali ena amathandizidwa ndi kuona milomo.

Zomwe khutu likanamva

Muvidiyo ija panali bambo wina amene anafunsa funso ali kumbuyo kwa kamera, "nanga matumba tibwere nawo athu?" Wolemba analemba funsolo ngati mawu ena onse, ndiye woonera mwakachetechete ankaona nkhope ya amayi apampando nkumaganiza kuti iwo ndi amene akufunsa, zosamveka. Pamenepo pamafunika kutchula, MLIMI: Nanga matumba tibwere nawo athu? kenako APAMPANDO: Inde, bwerani ndi anu. Wolankhula akamaoneka ndipo ndi yemweyo palibe chifukwa chomutchula mobwerezabwereza.

Phokoso nalo lembani lokhalo lomwe likusintha nkhani, m'mabulaketi, monga [anthu akuwomba m'manja] kapena [akuseka]. Munthu akanena chinthu moseka inu nkulemba mawu okha, wowerenga amachitenga ngati chenicheni. Koma tambala amene akulira kuseri kwa shedi musiyeni. Ndipo pakakhala masekondi angapo opanda kulankhula, kungoimba nyimbo, ikani [nyimbo] kuti munthu asaganize kuti makapushoni afa nkuyamba kufunafuna voliyumu mu ofesi ya anthu.

Wa m'basi ndi wa mu ofesi si amodzi

Wa m'basi vuto lake ndi kugwedezeka ndi kuwala, koma nthawi ali nayo, ulendo wa ku Lilongwe ndi wautali atha kubwereza. Wa mu ofesi sikirini yake ili phee koma maso ake ndi obedwa, wina walowa, foni yalira, wadzutsa mutu masekondi asanu nkubwerera. Palinso ma TV aja amakhala pamalo odikirira, pa benchi ya kuchipatala kapena mu banki, omwe amangozungulira osatulutsa mawu, munthu amayamba kuonera pakati. Kwa awa kapushoni iliyonse iziyesetsa kuima payokha, m'malo mwa "tidzayamba tsiku lomwelo" ngati malo alipo bwerezani kuti Lachinayi pa 14, ndipo kumapeto ikani chikwangwani chosayenda cha masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi chokhala ndi tsiku, malo ndi nthawi. Chikwangwani chimenechi ndi chomwe anthu amachijambula pa foni nkusunga.

Zikalakwika mudziwa bwanji

Pa laputopu ndimagwiritsa ntchito Subtitle Edit, ndi yaulere, imaonetsa mafunde a mawu kuti uone pomwe munthu wayamba ndi pomwe wapuma, komanso imawerengera yokha zilembo pa sekondi nkufiiritsa pomwe wapyola. Pa foni CapCut imatheka, mumalemba pamanja nkukoka kutalika kwa kapushoni iliyonse, kungoti masamu aja muzichita nokha. Pomatirira fayilo ya SRT pa vidiyo, amene muli ndi pulogalamu ya ffmpeg lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i soya.mp4 -vf subtitles=soya.srt soya_yatha.mp4
```

Kapushoni izitulukira pomwe munthu wayamba kulankhula, ikachedwa ndi theka la sekondi zimaoneka kale kuti milomo ndi mawu sizikugwirizana. Mukaona kuti onse achedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kawirikawiri ndiye kuti munadula kachidutswa koyambirira kwa vidiyo mutalemba kale, mankhwala ake nkuwasuntha onse pamodzi, mu Subtitle Edit zili pa Synchronization. Koma ngati poyamba ali bwino nkumanka nataya pang'onopang'ono, ndiye kuti liwiro la vidiyo linasintha, mwina munaifulumizitsa kapena inatuluka ndi chiwerengero china cha mafulemu, zithunzi zomwe vidiyo imaonetsa pa sekondi, kusuntha sikuthandiza, pamafunika kugwirizanitsa kapushoni yoyamba ndi yomaliza kuti apakati atambasuke. Nchifukwa chake makapushoni amalembedwa pomaliza, kudula konse kutatha.

China ndi zilembo zachilendo. Mukaona ŵ wasanduka Åµ, kapena kachizindikiro ka mu m'mawa ndi ng'ombe kasanduka â€™, fayilo yanu ikuwerengedwa ndi kasungidwe kolakwika, isungeni ngati UTF-8 ndipo pulogalamu yomwe ikuitsegula iuzeninso kuti ndi UTF-8. Mukaona kabokosi m'malo mwa ŵ ndiye kuti fontiyo ilibe chilembocho, sinthani fonti.

Ndisanapereke ntchito ndimadzitumizira vidiyoyo pa WhatsApp kaye kuti ifinyidwe mmene idzafinyidwire kwa anthu, nkuitsegula pa kafoni kakang'ono kotchipa komwe ndimasungira zomwezi, voliyumu ziro, nditaima panja padzuwa. Kenako ndimapatsa munthu amene sanamve zomwe zinanenedwa, nthawi zambiri mayi amene amagulitsa mandasi pafupi ndi shopu yanga, aonere kamodzi kokha osabwereza. Akamaliza sindifunsa kuti mwaiona bwanji, ndimafunsa kuti mayi, soya akulandira liti, kuti, nanga wonyowa atani naye. Vidiyo ya kopaletivi ija nditaikonzanso anayankha zitatu zonse, koma pa nthawi anati 7 koloko madzulo, ndinabwerera nkupeza kuti "m'mawa" ali kumapeto kwenikweni kwa mzere ndipo kapushoni ikuchoka msanga, ndinaiwonjezera theka la sekondi nkukayesanso kwa telala wa khomo linalo.